Anthu asanu, mitu itatu, masabata 8: titenge uti?

Tadala: Moni nonse. Ndithandizeniko maganizo, mutu wandikulira. M'kalasi mwathu atigawa m'magulu a anthu asanuasanu. Aphunzitsi akuti gulu lililonse lipeze vuto limodzi limene ophunzira amakumana nalo pasukulu, lilifufuze, kenako linene chimene chingachitike kuti vutolo lichepe. Tatsala ndi masabata 8. Pamapeto tipereke lipoti la masamba 20 ndiponso tikafotokoze pamaso pa kalasi kwa mphindi 15.

Takumana kawiri koma palibe chimene tagwirizana. Mnyamata wina amadziwa kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ndiye akufuna tipange pulogalamu ya pafoni yosungitsira malo mulaibulale. Mtsikana wina ali ndi kamera, akufuna tijambule vidiyo ya phokoso la kumalo ogona ophunzira. Wachitatu, wofatsa koma wodziwa masamu, akufuna kafukufuku wa mafunso wokhudza maola amene ophunzira amagona. Wachinayi ndi mayi wa mwana wamng'ono, amalemba bwino kutiposa tonse, koma amangoti chilichonse chimene mungasankhe ndili nanu. Ine ndine wachisanu, ndipo andiika kukhala wotsogolera chifukwa ndine ndinatsegula gulu la pafoni, basi.

Yankho: Apa palibe chovuta achemwali. Muli asanu, ndiye voti singafanane. Kwezani manja, mutu umene wapeza ambiri ndi womwewo. Mukamachedwa ndi kukambirana masabata akutha.

Tadala: Tinayesa zimenezo Lachiwiri. Pulogalamu inapeza awiri, vidiyo awiri, kafukufuku mmodzi. Ine ndinavotera pulogalamu chifukwa ikumveka yapamwamba. Mayi uja anavotera vidiyo, koma potuluka anandinong'oneza kuti anangotero poona kuti mtsikana wa kamera uja nkhope yagwa.

Kondwani: Ine ndakumva kale kumene nkhaniyi ikupita. Mayi ameneyo ndi mnyamata wa pulogalamuyo adzakusiyirani ntchito yonse. Chaka chatha gulu lathu linali ndi awiri otero, ankangotulukira tsiku lolemba maina pachikuto. Lembani kalata kwa aphunzitsi lero lomwe kuti adziwiretu. Aliyense azisayina akabwera kumsonkhano.

Chisomo: Achimwene a Kondwani, mwawerenga bwino koma? Palibe paliponse pamene Tadala wanena kuti pali waulesi. Wafunsa za kusankha mutu. Ine ndimagwira ntchito masana n'kumaphunzira madzulo, ndipo zimandipweteka anthu akamaona wosowa nthawi ngati wothawa ntchito.

Mayi Nabanda: Ndakhala ndikuyang'anira magulu ngati amenewa kwa zaka zingapo, ndiye ndilowererepo. Tadala mwanawe, ndisananene kanthu za mitu, ndiuze izi: aliyense mwa asanunu ali ndi maola angati pasabata amene angaike pa ntchitoyi, ndipo maolawo ndi a nthawi yanji? Usawafunse pagulu. Pagulu aliyense amati "ine ndili ndi nthawi" poopa kuoneka wofooka. Afunse payekhapayekha, ndipo funso lisakhale lakuti "ungapeze maola angati". Uwafunse kuti sabata yathayi, ndi maola ati amene analibe kalasi, ntchito, ulendo, mwana kapena homuweki ya maphunziro ena. Sabata imene yadutsa siinama ngati imene ikubwera.

Undiuzenso mmene malikisi agawidwira.

Tadala: Ndafunsa monga mwanenera amayi. Wa kamera maola 8, ine 6, wa masamu 5, mayi wa mwana 4 koma onse ndi a usiku mwana akagona, kuyambira 9 koloko, ndipo amakhala kunyumba. Wa pulogalamu 3 okha, Loweruka masana, chifukwa amagwira ntchito mkati mwa sabata. Zimenezi sindinkazidziwa n'komwe. Malikisi ndi 100: lipoti 50, umboni umene tasonkhanitsa 25, kufotokoza m'kalasi 15, ndipo 10 ndi a aliyense payekha.

Mayi Nabanda: Eya, tsopano tili ndi pogwira. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Maola onse pamodzi ndi 26 pasabata. Masabata 8 amenewo si onse ogwirira ntchito. Ndikuganiza kuti penapake pakati pali sabata ya mayeso, ndipo sabata yomaliza imathera kukonza zolakwika, kusindikiza ndi kuyeserera zokafotokoza. Otsala ndi 6. Ndiye 26 kuchulukitsa ndi 6 ndi maola 156. Nambala imeneyi imasangalatsa, koma musanasangalale chotsanipo misonkhano. Msonkhano wa ola limodzi wa anthu asanu umadya maola 5 a gulu, osati limodzi. Mukamakumana kamodzi pasabata, apita ndi 30. Otsala 126.

Pa 126 amenewo ine ndimachotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa wina adwala, wina apatsidwa ntchito ina yadzidzidzi, ndipo zonse zimatenga nthawi kuposa mmene munaganizira. Otsala 84. Lipoti la masamba 20, mukawerengera kuwerenga mabuku, kulemba, ndi kulumikiza zolemba za anthu asanu kuti zimveke ngati za munthu mmodzi, muikireni maola awiri tsamba lililonse. Ndi 40 amenewo. Choncho ntchito yeniyeni ya mutu wanu, kaya ndi pulogalamu, vidiyo kapena mafunso, ikuyenera kukwana m'maola 44 kapena kuchepera apo.

Tsopano kafunse mnyamata wa pulogalamu uja kuti iyeyo akuona kuti pulogalamu yakeyo ingamutengere maola angati kuti igwire ntchito, munthu n'kuisindikiza batani n'kusungitsadi mpando.

Yankho: Koma amayi, kuchotsa gawo lonselo si kuwaopseza ana? Ngati munthu wanena kuti ali ndi maola 5 ndiye kuti ali nawo.

Mayi Nabanda: Maolawo ali nawodi, vuto ndi ntchito imene amaganiza kuti ikwanamo. Mu 1994 Roger Buehler ndi anzake awiri, ofufuza a ku Canada, anafalitsa zimene anapeza atafunsa ophunzira a chaka chomaliza kuti ntchito yawo ya kafukufuku aimaliza m'masiku angati. Pa avereji anati masiku 34. Atawafunsa kuti nanga zonse zitati zisokonekere, anati pafupifupi 49. Anamaliza m'masiku 55 ndi theka. Ndiye kuti ngakhale nambala imene anaitchula poganizira tsoka inali yochepa. Ine pochotsa gawo limodzi mwa atatu ndawachitira chifundo.

Tadala: Wayankha. Akuti maola 40 ngati zonse zayenda bwino. Ndiye kuti ikukwana mu 44 muja eti?

Chisomo: Ayi achemwali, taonaninso. Maola 44 ndi a gulu lonse. Pulogalamuyo alemba ndani? Iye yekha. Iye ali ndi maola 3 pasabata, masabata 6 ndi 18, kuchotsa 6 a misonkhano atsala 12. Ntchito ya maola 40 m'maola 12. Inu anayi otsalanu ngakhale mutakhala ndi tsiku lonse simungamubwereke ola ngakhale limodzi, chifukwa simudziwa kulemba pulogalamu. Ndikuzidziwa chifukwa ndinakhalapo munthu ameneyo. Ndinalonjeza gulu chinthu chimene ndinkachidziwa bwino, ndikumaganiza kuti ndizichita usiku ndikaweruka. Sabata yachinayi anzanga ankangondiimbira foni kufunsa kuti zafika pati, iwo alibe chochita, ine ndilibe tulo.

Mayi Nabanda: Chisomo wandilanda mawu m'kamwa. Pamene pagona nkhani yonseyi ndi pamenepa. Mutu uliwonse uli ndi ntchito ina imene munthu mmodzi yekha pagulu angaichite. Muipeze ntchito imeneyo, muone mwini wake, muwerenge maola ake okha. Luso lalikulu likakhala mwa munthu wa nthawi yochepa, mutu umene watsamira pa lusolo wafa kale ngakhale utakoma bwanji.

Tiyeze vidiyo ndi muyeso womwewo. Wa kamera ali ndi 8 pasabata, ndiye 48, kuchotsa misonkhano 42, kuchotsa gawo lija 28. Vidiyo ya mphindi 10 angathe kuijambula ndi kuilumikiza m'maola amenewo ngati ndi wozolowera. Ndiye pa nthawi yapambana. Koma ili ndi mabala awiri. Loyamba, kulumikiza vidiyo kumachitikira pa laputopu imodzi ndi munthu mmodzi, enanu muzingoyang'ana kumbuyo kwake. Lachiwiri, yang'anani malikisi. Vidiyo yokongola ingakuthandizeni pa 15 a kufotokoza, koma 75 ali pa lipoti ndi umboni. Anthu asanu akudandaula za phokoso pa kamera ndi umboni wochepa wodzaza masamba 20.

Kafukufuku wa mafunso amagawika bwino. Anthu 60, aliyense wa inu afunse 12, mphindi 10 munthu mmodzi, ndi maola 10 onse pamodzi, tinene 15 powerengera okana ndi okuuzani kuti mubwere mawa. Bala lake ndi chilolezo. Masukulu ambiri safuna kuti muzifunsa anthu za umoyo wawo musanaonetse mafunsowo kwa oyang'anira, ndipo tulo ndi nkhani ya umoyo. Yankho likachedwa masabata awiri, mwataya gawo limodzi mwa atatu a nthawi yanu muli chikhalire.

Limbani: Ine masamu onsewa ndawamva, koma mukuiwala mtima wa munthu. Mukasankha mutu chifukwa choti ukukwana m'maola, mupeza mutu wozizira umene palibe akuufuna. Munthu akakonda chinthu nthawi amaipeza. Wa pulogalamuyo mukamulola, mudzaona akugona 2 koloko usiku mosakakamizidwa. Mukamukaniza, ngakhale maola 3 akewo simuwaona.

Chisomo: Nthawi amaipeza poiba ku tulo ndi ku ntchito imene imamulipirira sukuluyo. Sabata ziwiri zimatheka. Zisanu ndi imodzi ayi.

Limbani: Komabe mbali yachiwiri ija simunaiyankhe. Mukamukaniza azilimbikira chifukwa chiyani?

Mayi Nabanda: Pamenepo Limbani wanena zoona, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Gulu limene lasankha mutu umene aliyense akungoupirira limaoneka msanga: mauthenga amayankhidwa mawa lake, ndipo aliyense amachita ndendende zimene wauzidwa osawonjezera kanthu.

Koma taonani chinthu china chimene ndachiona m'uthenga woyamba wa Tadala. Mwa mitu itatuyo, anthu akukangana za chida, osati za vuto. Wina akufuna kulemba pulogalamu, wina kugwira kamera, wina kusewera ndi manambala. Ndikukayika ngati mtsikana wa kamerayo phokoso likumusowetsa tulo. Akufuna kujambula. Aphunzitsi anapempha vuto. Ndiye Tadala, bwerera kwa aliyense umufunse kuti: chimene ukufunitsitsa ndi nkhaniyo kapena ntchito ya manja imene ili m'nkhaniyo? Amene ati ndi ntchito ya manja, angathe kuichita pa vuto lililonse.

Yankho: Ndiye aphatikize zonse zitatu! Kafukufuku wa tulo, vidiyo ya phokoso, pulogalamu ya laibulale, mutu wake "Mavuto a ophunzira". Aliyense wasangalala.

Kondwani: Musayerekeze. Chabwino, poyamba paja ndinaphonya funso, koma ichi ndiye ndikuchidziwa. Gulu lathu lija tinachita zomwezo pofuna kuti wina asakhumudwe. Aliyense analemba chigawo chake kwayekha, tinazilumikiza usiku womaliza. Mawu oyamba ankalonjeza zina, mathero ankanena zina. Tikufotokoza m'kalasi aphunzitsi anangofunsa funso limodzi, akuti "kodi funso lanu linali lotani?" Tinayang'anana. Aliyense anayankha zake.

Mayi Nabanda: Ndi zimenezo. Vuto likhale limodzi, funso limodzi loti mungalinene mu mpweya umodzi. Zida ndiye zikhoza kuchuluka, koma chimodzi chokha chikhale msana, zinazo nthiti. Msana ukhale ntchito imene anthu atatu kapena kuposa pagulupo angaichite, kuti mmodzi akadwala isaime. Poyesa chida chilichonse dzifunseni kuti: mwini wake atasowa sabata yachinayi, lipoti lituluka? Ngati yankho ndi ayi, chidacho mwachiika pamsana pomwe chimayenera kukhala nthiti.

Ndipereke chitsanzo ndi vuto la laibulale, popeza ndi limene ndikuliona kuti lili ndi zowerengeka. Funso likhoza kukhala lakuti: kodi n'chifukwa chiyani ophunzira amasowa pokhala mulaibulale, ndipo zimachitika nthawi ziti? Msana wake ndi kuwerenga mipando. Munthu amalowa ndi pepala, n'kuwerenga mipando imene pali anthu, imene pali zikwama kapena mabuku popanda munthu, ndi yopanda kanthu. Kanayi patsiku, tinene 8 koloko m'mawa, 12 koloko, 4 koloko ndi 8 koloko usiku, kwa masiku 10. Ndi maulendo 40, uliwonse mphindi 15, maola 10 onse pamodzi. Aliyense angathe, safunika luso. Wa masamu atenge manambalawo apange matebulo ndi magirafu. Wa kamera ajambule vidiyo ya mphindi ziwiri yokatsegulira pofotokoza m'kalasi. Wa pulogalamu asalembe pulogalamu yonse, ajambule masikirini anayi kapena asanu oonetsa mmene kusungitsa malo kungayendere, ayese ndi ophunzira angapo ngati akumva, zilowe m'chigawo cha njira zothetsera vuto. Zimenezo zikwana m'maola 12 ake aja.

Sindikuti mutenge umenewu. Vuto la phokoso mukhozanso kulimanga chimodzimodzi. Ndangoonetsa kamangidwe.

Tadala: Amayi mwanditsegula maso. Koma wa masamu uja? Iye yekha ndi amene mutu wake ukutayika wonse. Ndipo ndi wofatsa, sanganene kuti zamupweteka.

Yankho: Apa ndiye voti yanga ija ibwerere. Koma osati yokweza manja, ndavomera kuti ija inalakwika. Lembani mitu papepala, aliyense payekha achonge mitu yonse imene angaigwire ndi mtima umodzi, kaya umodzi kaya yonse. Osalemba dzina. Umene wachongedwa kwambiri ndi womwewo. Mukatero mayi uja savoteranso nkhope ya mnzake.

Mayi Nabanda: Imeneyo ndi yabwino, bola ichitike mutasefa kale. Pavoti pazifika mitu yokhayo imene yakwana m'maola, apo ayi anthu adzasankhanso chosatheka chifukwa chikumveka bwino. Ndiwonjezere kuti papepalapo pakhale malo olemba mutu umodzi umene munthu sangaugwire n'komwe, ndi chifukwa chake. Nthawi zina chifukwacho chimakhala chimene simukanachiganiza. Mayi wa mwana sangapite kumalo ogona ophunzira usiku kukajambula phokoso, ndipo phokoso limachitika usiku.

Za wa masamu, mufunse funso lija. Ngati chimene amafuna ndi manambala, maulendo 40 a mipando amupatsa zochita zokwanira. Ngati nkhani ya tulo ili ndi chifukwa chake chimene chili pamtima, ndiye wataya, ndipo umuuze poyera kuti wataya, osamunamiza kuti zonse ndi chimodzimodzi. Amene mutu wake wagwa ndimakonda kumupatsa mwayi woyamba kusankha ntchito imene akufuna pa mutu umene wapambana.

Chomaliza kwa lero: musanakauze aphunzitsi, yesani kachidutswa ka ntchitoyo kwa masiku awiri. Osati kukambirana, kuchita. Wina apite akawerenge mipando kawiri. Wina akafunse woyang'anira laibulale ngati akulola kuwerenga ndi kujambula. Wina afunse aphunzitsi kuti chilolezo cha mafunso chimatenga nthawi yaitali bwanji. Mutu umene uli ndi chotchinga chobisika umaonekera pamenepo, nthawi yosintha ikadalipo.

Limbani: Ine ndikuonabe kuti wa pulogalamuyo mwamupatsa chidole m'malo mwa galimoto. Masikirini ojambula si pulogalamu. Tiona ngati avomere.

Tadala: Ndabweranso patatha masiku anayi. Zayenda chonchi.

Tinachotsa pulogalamu yonse pavoti. Ndinamuonetsa mwini wake masamu a 40 ndi 12 aja tili awiri. Anakhala chete, kenako anati ankadziwa koma ankaona ngati akanena ndiye kuti alibe chopereka pagulu. A Limbani, sanasangalale, ndisaname. Akuti masikirini achita, koma pulogalamu yeniyeniyo adzailemba yekha patchuthi.

Pavoti panali laibulale, phokoso ndi tulo. Laibulale inachongedwa ndi onse asanu, tulo atatu, phokoso awiri. Aphunzitsi anati mafunso okhudza tulo akuyenera kudutsa kaye kwa oyang'anira, ndipo sangalonjeze tsiku. Woyang'anira laibulale walola kuwerenga mipando, koma kujambula akuti pokhapokha nkhope za anthu zisaoneke, kapena munthuyo avomere yekha.

Tinayesanso kuwerenga. Mipando yonse ndi 120. Lachitatu 8 koloko m'mawa: anthu 22, mipando ya zikwama ndi mabuku 41, yopanda kanthu 57. Tsiku lomwelo 4 koloko madzulo: anthu 71, ya zikwama 34, yopanda kanthu 15. Ine ndinkaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa mipando. Koma taonani m'mawamo, zikwama zachuluka kuposa anthu! Anthu amabwera kudzasiya chikwama n'kupita m'kalasi.

Chisomo: Ndiye pulogalamu yosungitsira malo ija ikanangowonjezera vuto lomwelo, anthu akanamasungitsa ali pabedi. Muuzeni mnzanuyo kuti masikirini ake aganizire za malire a nthawi, kuti mpando ukakhala wopanda munthu kwa mphindi zakutizakuti uzimasuka. Pamenepo ali ndi chenicheni choti aganize, si chidolenso.

Mayi Nabanda: Maulendo awiri si umboni, musathamangire kulemba mathero. Koma akuonetsani kuti mutuwo uli ndi nyama. Tsopano samalani zinthu ziwiri.

Choyamba, gwirizanani tanthauzo la mpando wosungidwa musanayambe, mulilembe pamwamba pa pepala lowerengera. Buku limodzi losiyidwa patebulo ndi kusunga malo kapena ndi loiwalika? Nanga munthu amene wangotuluka kukamwa madzi? Mukapanda kugwirizana, wina aziwerenga mwa njira yake wina mwa njira yake, ndipo mudzaona ngati Lachinayi ndi losiyana ndi Lachitatu pomwe chasiyana ndi wowerenga. Njira yodziwira ndi yosavuta: tsiku loyamba awiri awerenge nthawi imodzi mosaonetsana, kenako mufananize. Mukasiyana ndi mipando yoposa itatu kapena inayi, tanthauzo lanu silinamveke.

Chachiwiri ndi mayi wa mwana uja. Sangabwere kudzawerenga, ndipo amalemba bwino. Ndikuona kale zimene zichitike: nonse muganiza kuti lipoti ndi lake. Maola ake ndi 4 pasabata, 24 onse, kuchotsa misonkhano 18. Lipoti tinati 40. Mwathawa dzenje la wa pulogalamu, musagwere lomwelo ndi munthu wina. Aliyense alembe chigawo chake, iye akhale wosalaza ndi kulumikiza. Ndipo zigawozo zizimufika sabata iliyonse, osati zonse pamodzi sabata yachisanu ndi chiwiri.

Tadala: Apa mwandigwira, ndinali nditamulembera kale kuti "lipoti ndi lanu mayi". Ndikonza usiku uno. Misonkhano tagwirizana kuti izikhala ya pafoni Loweruka 9 koloko usiku, ndi nthawi yokhayo imene tonse tilipo, ngakhale wa kamera akudandaula kuti Loweruka usiku ndi wake.

Kondwani: Nanga malikisi 10 a aliyense payekha aja? Wa kamera aika maola 8 pasabata, wa pulogalamu 3. Adzalandire zofanana? Ine pamenepa ndiye sindigonja. Lembani zimene aliyense wachita sabata iliyonse.

Chisomo: Kulemba zimene aliyense wachita ndikuvomereza. Koma muziyeza ngati munthu wakwaniritsa zimene analonjeza, osati maola. Wa maola 3 amene wabweretsa zonse zimene ananena pa tsiku lake waposa wa maola 8 amene wachedwetsa gulu.

Kondwani: Zokoma kunena, koma wa maola 8 akadzaona kuti wasenza kawiri n'kulandira zofanana, semesita yamawa adzanenanso kuti ali ndi 3.

Mayi Nabanda: Imeneyo ine ndaiona ikuthera mbali zonse ziwiri, ndipo aphunzitsi amasiyana kagawidwe kake. Tadala, afunse aphunzitsi ako kuti 10 amenewo amayang'ana chiyani, uwauze anzako onse yankho lake sabata ino, asadzalimve kumapeto.

Yankho: Funso langa ndi lina. Mwati sabata ya mayeso simugwira ntchito. Koma si sabata imeneyo imene laibulale imadzaza kwambiri? Mukaidumpha ndiye mwadumpha vuto lenilenilo.

Tadala: Iii, zoona. Mayeso ali sabata yachisanu. Masiku 10 aja tinawaika sabata yachitatu ndi yachinayi.

Mayi Nabanda: Yankho wagwira pabwino, ine ndinaziphonya. Gawani masikuwo, 5 sabata wamba ndi 5 sabata ya mayeso, mudzakhale ndi zofananiza. Sabata imeneyo atatu a inu mudzakhala muli mulaibulale momwemo, mphindi 15 sizingakugwetseni mayeso. Koma zikatero manambala omaliza afika kumapeto kwa sabata yachisanu, ndiye wa masamu atsala ndi sabata imodzi yokha yopangira magirafu mayi uja asanayambe kulumikiza. Akonzeretu matebulo ake ndi manambala a masiku 5 oyambawo, kuti enawo adzangowathira.

Tadala: Ndamutumizira. Wayankha kuti matebulo ayamba mawa, ndipo wafunsa ngati pa ulendo wa 8 koloko usiku tingamawerengenso anthu amene agona patebulo. Akuti akufuna aone ngati achuluke sabata ya mayeso. Ndimulole kapena tayambanso kuphatikiza mitu?

Limbani: Muloleni, ndi kabokosi kamodzi papepala.

Kondwani: Ifenso zinayamba ndi kabokosi kamodzi.